Kirediti Yachisanu ndi Chimodzi

Esitele anaphonya yunivesite chifukwa cha kirediti imodzi. Pa mayeso a Fomu 4 anatola makirediti asanu, koma Chingerezi chinamugwetsera pa seveni, ndipo aliyense amene anapondako ku sekondale akudziwa kuti kirediti imathera pa sikisi, seveni ndi pasi chabe. Chichokereni tsiku limene zotsatira zinatuluka, liwu lakuti kirediti linamumata ngati chisoso pa chitenje. Akalimva penapake ankacheuka ngati wina wamuitana dzina.

Chomwe chinatsala ndi kulembanso. Amayi ake, omwe anali mlangizi wa zaumoyo m'midzi ya ku Ludzi, anamulonjeza kuti malipiro a Novembala akangolowa adzamulembetsa ku sukulu ya masana ndi kumulipirira mayeso. Zonse pamodzi zinkafika K140,000, ndipo kalembera ankatseka kumayambiriro kwa Disembala. Akaphonya pamenepo ndiye kuti chaka china chathunthu chithera pakhomo, kulima ndi kutunga madzi, anzake akutumiza zithunzi ali ku koleji. Iye mwini anali ndi K70,000 ya mtedza umene analima kuseri kwa nyumba. Anaisunga ku banki kuti idzakhale ya mabuku, ndipo banki inamupatsa khadi lobiriwira lolembedwa dzina lake.

Ankasunganso khadi la amayi. Amayi ankaopa makina otapira ndalama, ankati tsiku lina adzawamezera khadi anthu akuona. Choncho mwezi ndi mwezi Esitele ndiye ankakwera njinga yamoto kupita ku boma kukawatapira. Pakhomo ponse ntchito imene ankanyadira inali imeneyi, chifukwa zina zonse zonyaditsa zinali za Millicent.

Millicent anali mkulu wake. Iyeyu makirediti anawakokolola onse, anapita ku yunivesite, ndipo tsopano ankagwira ntchito ku boda, ku kampani yothandiza amalonda kuolotsa katundu wa m'malole. Amayi akamutchula mawu awo ankafewa. Ku tchalitchi azimayi ankawapatsa moni kuti, "Muli bwanji amake Millicent?" ngati kuti anabereka mmodzi.

Loweruka lina kumayambiriro kwa Novembala, Millicent anawaitanira onse awiri ku boma. Anawapeza pa siteji atavala magalasi akuda, tsitsi lofika kumsana, akununkhira ngati sitolo ya sopo.

"Amayi, foni yanu ija imandichititsa manyazi," anatero. "Ndikamaimba mumamveka ngati muli m'chitsime. Lero tiitaya."

Analowa m'sitolo ya a Mahomedi, imene imagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matiresi. Pa kauntala panali mwana wawo wamkazi, Shamira. Millicent ankangoloza: foni, zitenje ziwiri za ku Chipata, mafuta ophikira, shuga, nsapato zapulasitiki za Esitele zimene Esiteleyo sanapemphe. Amayi ankamukoka dzanja.

"Iwe, mwezi sunafike n'pakati pomwe. Ndalama zake uzitenga kuti?"

"Mu akaunti mwanga mulibe ngakhale tambala, amayi, sitinalandire," anayankha Millicent akuseka. Anasolola khadi lakuda m'chikwama. "Koma ili ndi la kirediti. Limadutsa basi."

Shamira analilowetsa m'kamakina kake, Millicent anadina manambala ndi chikhadabo chopaka utoto, kamakina kanalavula kapepala. Zatheka. Amayi anaomba m'manja mwakachetechete ngati ali pa Misa.

Esitele anaima kumbuyo atanyamula majumbo. La kirediti. Ndiye kuti nayo banki imagawa anthu monga momwe amachitira a mayeso? Anasuzumira m'kachikwama kake, n'kuona pa khadi lake lobiriwira liwu laling'ono pakona: debiti. Sanalidziwe bwinobwino, koma linamveka ngati pasi.

Potuluka amayi anaima pa mulu wa matiresi. Anadina amodzi ndi chikhato, n'kuusa moyo. Awo anali ataphwa mpaka msana unkagunda mitanda ya bedi, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka atagwira m'chiuno.

"Asiyeni amenewo, amayi," anatero Millicent. "Pa Khirisimasi ndikugulirani. Mudzagona ngati akazi a nduna."

"Wamva, Esitele? Mkulu wakoyu!"

"Ndamva."

Foni yakale ija, pamodzi ndi nambala yake, inagwera Esitele, poti amayi anagula nambala yatsopano. Umo ndi momwe zinthu zinkamufikira nthawi zonse: yunifomu, mabuku, chikwama, zonse zitayamba zadutsa mwa wina.

Sabata yonse amayi analankhula za matiresi amene anali asanabwere. Anauza mai Tabeth a nyumba yoyandikana nayo, anauza azimayi a ku sikelo, anauza ndi mnyamata wa njinga yamoto. Esitele ankatsuka mbale akumva. Ndani amawathira mankhwala kumsanako? Ndani amawatenthetsera madzi? Koma zimenezo sizinenedwa kwa mai Tabeth, poti sizibwera m'jumbo. M'mene ankapalira mtedza, ganizo lina linamera mwa iye ngati kaufiti m'chimanga: bwanji matiresiwo atafika Khirisimasi isanakwane, ndipo atafika m'dzina lake?

Sabata yotsatira amayi anamutuma ku boma kukatapa K10,000. Asanapite ku makina anakhotera kwa a Mahomedi. Matiresi aja anali K200,000. Iye anali ndi 70 sauzande yokha, koma m'makutu mwake munkalirabe mawu a Millicent akuti limadutsa basi. Banki yake ndi yomweyo, kamakina ndi komweko. Anapereka khadi lobiriwira.

Kamakina kanaganiza pang'ono, n'kulira kawiri.

"Lakana," anatero Shamira.

"Tayesaninso. Mwina ndi netiweki."

"Netiweki ilipo, achemwali. Akuti ndalama sizikukwana." Shamira analitembenuza khadilo. "Ili ndi la debiti. Limadya zanu zokha zimene munaikamo. Zikachepa limakana."

"Koma la asisi anga linadutsa alibe kanthu."

"Aja a magalasi aja? Lawo ndi la kirediti. Limenelo sapatsa aliyense."

Shamira sananene monyoza, anali kale akuyang'ana kasitomala wina. Koma bambo wina amene ankadikira misomali anaseka kukhosi, nati, "Mwana wanga, amenewo ndi makhadi a mabwana. Ife athu ndi a nkhokwe: chikatha chatha."

Esitele anatenga khadi lake n'kutuluka. Sapatsa aliyense. Anayenda mpaka ku banki osaona anthu. Pa makina anatapa 10 sauzande ya amayi, ndipo m'malo mochoka anadina batani limene amayi ankamuletsa, lofunsira ndalama zotsala, chifukwa ankati banki imadulapo kandalama. Sanadziwe chomwe ankafuna. Mwina ankangofuna kuti makina amuuzeko chinachake chabwino tsiku limenelo.

Kapepala kanatuluka ndi manambala awiri. Pamwamba K15,000, monga amayi ankadziwira. M'munsi, pa mawu achizungu otanthauza ndalama zimene mungathe kutapa, panali K165,000.

Anawerenga katatu. Ndalama zina zokwana 150 sauzande zachokera kuti? Boma silinalipire. Amayi alibe bizinesi. Yankho linamufikira msanga ndipo linamuwawa ngati mbola ya mavu: Millicent. Ndiye kuti watumiza kale ndalama za matiresi mwakachetechete, kuti pa Khirisimasi adzangoti, "Amayi, tayang'anani mu akaunti mwanu," azimayi n'kululutira. Nambala yaing'onoyo ndi yakale, yaikuluyo ndiye yatsopano. Umu ndi momwe anazilongosolera, ndipo zinagwirizana bwino kwambiri ndi zomwe mtima wake unkafuna.

Anaima pamthunzi wa khonde la banki. Ndalamazo n'za matiresi, eti? Ndiye matiresi agulidwe lero. Sakuba. Aikapo 70 sauzande yake ya thukuta, yotsalayo ichoke pa za Millicent, amene kwa iye ndalama zimangotuluka m'khadi ngati madzi pa mpopi. Ikadzafika Khirisimasi nkhani idzakhala itatha, mudzi wonse utamva kale kuti wagula ndi Esitele. Millicent adzayambira pati kunena? Za mayeso sizikhudzidwa, poti zimenezo zidzachoka pa malipiro a mwezi ukatha.

Anabwerera m'sitolo. Bambo wa misomali uja anali atachoka, ndipo zinamukhumudwitsa.

"70 sauzande pa ili, 130 sauzande pa ili."

Kamakina kanalavula mapepala awiri osakana. Shamira anakweza nsidze. "Eee, tsopano mwabwera ndi nkhokwe ziwiri."

Ali pa njinga yamoto, matiresi atapindidwa pakati n'kumangidwa ndi malamba kumbuyo kwake, foni yakale ija inanjenjemera. Unali uthenga wa banki, poti nambala imene banki inkadziwa inali yomwe ija. Unanena kuti pachoka K130,000, ndipo zotsala ndi 115,000. Kutsogolo kwa nambalayo kunali kamzere kakang'ono.

Esitele masamu anakhoza ndi firii. Manambala a pansi pa ziro anawaphunzira ali Fomu 1. Koma amenewo anali a pa bolodi, a kuzizira kwa kumayiko a azungu. Ndalama zingakhale bwanji pansi pa ziro? Munthu umakhala nazo kapena ulibe. Anadziuza kuti ndi kamzere kongolekanitsa mawu ndi nambala. Zoti 165 kuchotsa 130 si 115 anaziona, koma njinga inagunda dzenje, iye n'kugwira matiresi ndi dzanja limodzi, ndi linalo n'kufufuta uthengawo.

Esitele anapeza amayi akuanula zovala. Atangoona matiresi, amayi anaponya beseni pansi.

"Za ndani zimenezi?"

"Zanu. Ndagula."

"Iwe? Ndi chiyani?"

"Mtedza uja. Ndi zina zomwe ndinkasunga."

Amayi anaitana mofuula. "Mai Tabeth! Tabwerani mudzaone! Kamtsikana kanga kachetechete aka!" Anang'amba pulasitiki ndi mano, anakhalapo, anadzuka, anakhalaponso. Mai Tabeth nawo anakhalapo. "Madzi odikha ndiwo akuya," anatero mai Tabeth. "Ife timangoti Millicent, Millicent, osadziwa kuti nkhani ili kuno."

Amayi anaimbira Millicent pa foni yatsopano. Esitele anatchera khutu ali pakhomo. Ankayembekeza mkuntho, koma Millicent anangoti, "Esitele? Wachita bwino, wandipeputsira," n'kuyamba nkhani ina. Sanatchule za ndalama iliyonse. Esitele anaganiza kuti ndi kunyada chabe.

Masabata awiri amenewo anali okoma kuposa ena onse amene ankawakumbukira. Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, mayi wina anati, "Muli bwanji amake Esitele?" Esitele anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chake, koma mawuwo anawanyamula mpaka kunyumba ngati dzira.

Malipiro analowa mwezi uli kumapeto. Uthenga unafika m'mawa akusesa pabwalo: zalowa K190,000, zotsala K72,000. Ulendo uno kamzere panalibe. Anakhala pansi tsache lili m'manja. Anawerenganso, ndipo mutu wake wa masamu uja, umene anaugoneka pa njinga, unadzuka n'kumuuza zonse.

Amayi atamva kuti malipiro aperewera sanafunse zambiri. Anavala nsapato. "Banki yandibera. Tiye."

Ku banki anadikira pamzere mpaka anafika kwa mayi wina wa pa desiki, wa baji yolembedwa kuti Sheila. Anayang'ana pa kompyuta, n'kuitembenuza kuti amayi aone.

"Sitinakubereni, mayi. Munali mu ovadirafuti. Pakati pa mwezi panagulidwa katundu wa 130 sauzande, mu akaunti muli 15 sauzande yokha. Yotsalayo tinakubwerekani ife. Malipiro atalowa tinayamba tatenga zathu, ndi chiwongoladzanja cha masiku amenewo, ndi kandalama ka banki."

"Ovadirafutiyo ndinabweza kalekale! Ndinatenga nthawi ya matenda a malemu bambo awo."

"Munabwezadi, koma simunabwere kudzatseka. Chilolezo chinalipobe, cha 150 sauzande. N'chifukwa chake khadi silinakane. Likanakhala lopanda chilolezo chimenechi likanakana pomwepo."

"Nanga wagula ndani? Ine sindinagule kanthu. Kodi n'kuti kumeneko?"

"Kwa Mahomedi."

Amayi sanatembenuke msanga. Atatembenuka, Esitele anali akuyang'ana matayilosi. Ankamva maso a anthu a pamzere kumsana kwake.

"Ndimayesa ndi za asisi," ananong'ona. "Panalembedwa kuti ndi ndalama zomwe tingatape."

"Nambala imeneyo imaphatikiza zanu ndi zimene tingakubwerekeni," anatero a Sheila, mawu awo atatsikako. "Ambiri imawasokoneza." Kenako anayang'ana amayi. "Koma ngati pali chofunika mwachangu, popeza mwabweza, chilolezo chatsegukanso. Mungathe kutapa lero lomwe."

Esitele anadzutsa mutu. Ndiye kuti fizi ilipo. Anayang'ana amayi mopempha.

"N'kudzalandiranso malipiro oduka pa Khirisimasi?" anatero amayi. "Dzenje limenelo ndikulidziwa. Ndinatha theka la chaka ndikukwera, ndikafika pamwamba dothi n'kugumuka. Tsekani."

"Amayi, kalembera akutseka..."

"Ndati tsekani. Ndisainire pati?"

Panja amayi anatambasula dzanja, ndipo Esitele anawapatsa khadi lawo. Analikulunga m'kansalu n'kulilowetsa m'bulauzi. Sanakalipe, ndipo Esitele akanakonda akanakalipa.

"Ndagona masabata awiri pa ngongole yanga yomwe, ndikuuza anthu kuti ndi mphatso," anatero. "Pa zatsalazi ndikupatsa 40 sauzande. Zinazo tidye. Yotsala ya fizi ukapemphe kwa mkulu wako."

"Kwa wina aliyense, amayi, koma osati..."

"Uli ndi mkulu wina?"

Anayesa kaye kwa a Mahomedi. Shamira anapukusa mutu: matiresi ochotsa pulasitiki, ogonedwapo, bambo ake sangalandire. Anaganiza za mai Tabeth, n'kukumbukira za madzi odikha aja. Masiku anapita akuzengereza. Ankatsegula nambala ya Millicent n'kuitseka. Panali mphindi zina pamene ankaona kuti kutaya chaka n'kopepuka kusiyana ndi kuima pamaso pa magalasi akuda aja. Koma Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti kalembera atseke, anakwera galimoto ya ku boda.

Malole anali atandandalika m'mbali mwa msewu, osintha ndalama akukupiza mipukutu ya makwacha a mayiko awiri. Ofesi ya Millicent inali kachipinda kotentha kokhala ndi madesiki atatu. Esitele ankaganiza kuti ikhala yaikulu. Millicent anamutulutsa panja, n'kumugulira chimanga chootcha.

"Amayi andiuza," anatero. "Ndiye umayesa ndalama zanga, n'kuona kuti ndi bwino uzidye?"

"Ndimati n'za matiresi."

"N'za matiresi, dzina n'kukhala lako. Iwe kamtsikana iwe! Amati ndiwe wofatsa." Anaseka mpaka anatsamira pakhoma. "Ukufuna zingati?"

"100 sauzande."

Kuseka kunatha. Millicent anavula magalasi, n'kupukuta thukuta pamphuno.

"Ndilibe."

"Muli ndi khadi lija."

"Khadi lija ukuliyesa chiyani?"

Esitele anatafuna chimanga chake. "La anthu amene anakhoza. La kirediti."

Millicent anamuyang'ana osamvetsa, kenako anamvetsa, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Kirediti ya ku mayeso? Ayi, mwana wa amayi. Kirediti ya ku banki ndi ngongole. Ngongole yovala suti. Mulibe ndalama yanga m'menemuja ngakhale imodzi. Banki inaona malipiro anga, n'kundiikira malire, 600 sauzande. Ndikaswaipa amalipira ndi iwo. Mwezi ukatha amanditumizira bilu. Ukabweza yonse tsiku lisanadutse, palibe chiwongoladzanja. Miyezi yoyamba ndinkatero."

"Nanga pano?"

"Pano ndimangoponya kochepa kamene amati usaphonye. Yotsalayo imaswana. Ndili pa 480 sauzande. Foni ya amayi ija sindinayambe n'komwe kuibweza. Ndikafika pa malire nalonso lidzakana, ngati lakolo." Anayang'ana kumalole. "Pamene amayi anandiimbira kuti wagula matiresi, ndinapuma. Sindinkadziwa kuti pa Khirisimasi ndidzawatenga kuti."

Apa Esitele anamva chinthu chimene sakanauza munthu. Chinayambira m'mimba, chofunda ngati tiyi wa m'mawa, n'kukwera mpaka kumasaya. Millicent ali m'ngongole. Tsitsi lija, fungo lija, chikhadabo chodina manambala chija, zonse n'zobwereka. Anayenera kuluma chitsononkho kuti milomo yake isaonetse. Anadziwa kuti n'zoipa. Anadziwanso kuti ngati Millicent alibe, ndiye kuti chaka chake chapita, komabe kukomako kunayamba kufika, mantha n'kubwera pambuyo.

"Ndiye basi," anatero. "Ndidzalemba chaka china."

"Ukhale pakhomo chaka china, uziganiza zina zoti ugule? Tiye."

Anapita pa makina a banki a pafupi ndi geti. Millicent anasolola khadi lakuda lija, koma asanalilowetse analigwira m'manja kanthawi.

"Umve bwino. Kutapa ndalama pa khadi ili si chimodzimodzi ndi kugula katundu. Amadula kandalama pomwepo, ndipo chiwongoladzanja chimayamba lero lomwe, sadikira mwezi kutha. Ndikatere malire atsala pang'ono. Chingerezicho ukachiphonyenso, ndidzakugulitsa kwa a malolewa."

Makina anawerenga, n'kutulutsa ndalama. Millicent anazipinda n'kuziika m'dzanja la mng'ono wake, koma sanalisiye msanga.

"Za ngongole yangayi, amayi asamve."

"Sindinena."

"Lumbira."

"Ndati sindinena, asisi."

Lachisanu m'mawa Esitele anakalipira, n'kukapereka risiti kwa aphunzitsi olemba mayina. Anamujambula chithunzi ataima pakhoma loyera. Mphunzitsiyo anafunsa kuti, "Chingerezi chokha chimene chinakuvuta?" Iye anagwedeza mutu. Dzina lake linalowa. Anatuluka miyendo ili yopepuka, ndipo njira yonse ankabwereza m'mutu mawu achizungu amene ankamusokoneza kalembedwe.

Atayandikira kunyumba anamva mawu a amayi kuseri kwa mpanda. Anali ndi mai Tabeth, akusenda nyemba.

"Anangolowetsa khadi lake lija, ndalama n'kutuluka," ankatero amayi. "100 sauzande, osaphethira. Akuti mng'ono wanga asakhale pakhomo. Ine mwana ameneyu ndikanapanda kumubereka, kaya."

"Mwana ndi ameneyo," anavomera mai Tabeth. "Winayu ngakhale kumulera..." Anaona Esitele pachipata, n'kusintha mawu. "Wabwera wa sukulu! Walembetsa?"

"Ndalembetsa."

"Wamuthokoza mkulu wako?" anafunsa amayi osadzutsa mutu.

"Ndathokoza."

Anaima pomwepo risiti ili m'manja. Mawu anali okonzeka kale pa lilime, aafupi, osavuta kunena: 480 sauzande, ndipo pano yadutsa pamenepo. Akanangowatula pakati pa nyembazo, n'kuona nkhope ya mai Tabeth ikusintha. Anawatembenuza m'kamwa ngati siwiti. Anali okoma kwambiri moti sanafune kuti athe lero.

"Ukuimiranji ngati mlendo?" anatero amayi. "Ngati ulibe chochita bwera udzasende."

"Ndili nacho. Ndikukawerenga."

Analowa m'nyumba, n'kutsitsa pa shelefu buku la Chingerezi. Pachikuto panali dzina la Millicent, lolembedwa ndi inki yofiira, zilembo zikuluzikulu. Anafunafuna cholembera kuti alifute, koma atachipeza anangochiika pambali, n'kutsegula mutu woyamba.